Kodi Madzi a Pampopi Ngoyenera mu Radiyeta?

Tsiku lina tikuchokera ku Chikwawa, komwe tinapita kukayeza anthu kuthamanga kwa magazi, galimoto yathu inatentha tikukwera chitunda cha ku Thabwa. Makaniko atatsegula radiyeta, tinaona timapaipi tam'kati titatsekeka ndi zoyerayera zolimba, ndipo madzi anali ofiira ndi dzimbiri. Kwa zaka ziwiri tinkangothiramo madzi a pamjigo, poganiza kuti kulanti ndi wa kumayiko ozizira okha. Ndalama zomwe zinathera pa radiyeta yatsopano zikanagula kulanti wa zaka zambiri.

N'zoona kuti kulanti amateteza madzi kuti asaundane ndi chisanu, vuto lomwe kwathu kuno silitisowetsa tulo. Koma mulinso mankhwala oletsa dzimbiri, amene amateteza radiyeta, pampu ya madzi ndi njira zodutsa madzi m'kati mwa injini. Amathandizanso kuti madzi asawire msanga. Madzi okhaokha sangachite zimenezi.

Pogula, tiyambe tawerenga pabotolo. Kulanti wina amabwera wosakaniza kale, ndipo kawirikawiri pamalembedwa 50/50. Ameneyu timangothira, osaonjezera madzi. Wina amakhala wosasungunula, ndipo muyezo wake wodziwika ndi theka kulanti, theka madzi, pokhapokha buku la galimotoyo litanena zina. Tikachulukitsa madzi, mankhwala oletsa dzimbiri amachepa mphamvu. Tikathira kulanti yekhayekha injini imatenthanso, chifukwa chimene chimanyamula bwino kutentha ndi madzi, osati kulantiyo.

Tiyerekeze kuti buku likunena kuti galimoto yathu imalowa malita 6. Ndiye kuti m'kati muyenera kukhala malita 3 a kulanti wosasungunula ndi malita 3 a madzi. Apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Tikatsuka m'kati ndi madzi n'kukhuthula, sikuti onse amatuluka. Mwina malita 2 amatsalira mu injini. Tikasakaniza theka ndi theka mu chigubu n'kuthira, mungolowa malita 4, ndipo kulanti weniweni akhala malita 2 okha pa malita 6. Choncho tikatsuka, tiyambe kuthira malita 3 a kulanti wosasungunula, kenako tidzazitse ndi madzi, omwe pano akhala lita imodzi. Tilize injini mpaka itenthe kuti mpweya wotsalira utuluke, ndipo ikazizira tionenso mlingo. Poonjezera masiku ena, tizithira wosakaniza kale wa mtundu womwewo, osati madzi okha.

Nanga madzi ake akhale otani? Abwino ndi osungunulidwa ku nthunzi, amene amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto ndipo ambiri timawatcha madzi a batire. Tionetsetse kuti ndi madzi, osati asidi. Madzi a pampopi amasiyana malo ndi malo. Ena amakhala ndi laimu wambiri, amene akatentha amamatirira m'timapaipi n'kuletsa kutentha kutuluka. Ena, monga a m'mijigo yambiri ya ku chigwa cha Shire, ali ndi mchere umene umadya chitsulo.

Tingawayese kunyumba komwe. Tiyang'ane mu ketulo yomwe timawiritsira madzi tsiku ndi tsiku. Ngati pansi pake pamatirira zoyera zolimba, ngati sopo savuta kusiya zotsalira koma amavuta kuchita thovu, kapena ngati madziwo amamveka mchere, asalowe mu radiyeta. Kuwiritsa kumapha tizilombo toyambitsa matenda, koma sikuchotsa mchere. Madzi a pampopi opanda zizindikiro zimenezi angagwire ntchito ngati a batire asowa. Tikakhala pa msewu injini yatentha, madzi aliwonse oyera ndi abwino kuposa kuyenda radiyeta ili youma, bola tikafika tikhuthule n'kuthira oyenera.

Pali zinthu ziwiri zokhudza moyo zomwe sitingazisiye. Choyamba, tisatsegule chitsekerero cha radiyeta injini ili yotentha, chifukwa madzi amatumphuka ndi mphamvu n'kuwotcha nkhope ndi manja. Tidikire mpaka izizire. Chachiwiri, kulanti wambiri amapangidwa ndi etilini gilayikolo, poizoni wotsekemera amene amawononga impso. Ndi mtundu wake wobiriwira kapena wofiirira, mwana angamuyese chakumwa. Tisamusunge m'botolo la zakumwa, ndipo wakale tisamutaye pomwe ana, agalu kapena nkhuku zingafike, kapenanso pafupi ndi chitsime. Mwana akamwa, ngakhale pang'ono, tithamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo titanyamula botololo, osadikira kuti ayambe kudwala.

Ife masiku ano timayenda ndi chigubu cha malita 2 cha kulanti wosakaniza kale, cholembedwa kuti POIZONI, ndipo timaona mlingo m'mawa injini isanalire.