Wina akafa pakati pa ndime, womenya wotsatira ndani?

M'masewera ambiri a nkhondo a pakompyuta ndi pafoni, ankhondo samenyera limodzi. Aliyense amadikira mpata wake: uyu amenye, kenako uyo, mpaka onse atakwana. Zikatero ndime yatha, ina iyambike. Ndi mmene amayendera masewera monga Heroes of Might and Magic III, omwe adatuluka mu 1999, komanso Baldur's Gate 3 a mu 2023. Kale kompyuta isanafale, dongosolo lomweli lidali kale patebulo m'masewera a Dungeons & Dragons, omwe adayamba mu 1974. M'malamulo ake a mu 2014, aliyense amaponya dayisi ya mbali 20, nkuwonjezera nambala yosonyeza changu chake, ndipo wopeza nambala yayikulu ndiye amayamba.

Patebulo, munthu woyendetsa masewera amalemba mayina papepala. Wina akafa amangodula dzina lake ndi cholembera, ndipo palibe chosokonekera. Vuto limadza ntchitoyi ikapatsidwa kwa kompyuta ndi wolemba pulogalamu amene sadaiganizire mokwanira. Wosewera amangodabwa kuti wankhondo wake wadumphidwa, kapena mdani wamenya kawiri motsatizana.

Tiyeni tiike ankhondo anayi pamndandanda, monga mwa nambala zomwe apeza: msilikali 18, fisi 15, sing'anga 11, njoka 7. Msilikali ndi sing'anga ndi a wosewera, fisi ndi njoka ndi adani. M'chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python, malo a pamndandanda amawerengedwa kuyambira pa 0. Ndiye kuti msilikali ali pa 0, fisi pa 1, sing'anga pa 2, njoka pa 3. Chofunika kumvetsa nchakuti pulogalamu yolembedwa mophweka sikumbukira kuti amene wamenya ndi fisi. Chimene imasunga ndi nambala ya malo basi. Ikathana ndi malo 1, imapita pa malo 2, osafunsa kuti pamenepo pakhala yani.

Tsopano fisi, mpata wake utafika, waluma msilikali mpaka kumupha. Pulogalamu yafufuta msilikali nthawi yomweyo, ndipo otsala onse asendera kutsogolo kutseka mpatawo: fisi wafika pa 0, sing'anga pa 1, njoka pa 2. Koma nambala yomwe kompyuta ikusunga ikadali 1. Ikawonjezera kamodzi, yafika pa 2, ndipo pa 2 pali njoka. Sing'anga, yemwe akadachiza mnzake kapena kuthawa, sadapatsidwe mpata m'ndime imeneyi. Adani amenya kawiri mondondozana, wosewera akungoyang'ana.

Chimapweteka kwambiri nchakuti cholakwikachi sichioneka nthawi zonse. Fisi akadapha sing'anga, yemwe adali asanamenye, zonse zikadayenda bwino, chifukwa njoka ikadasendera pa 2 ndipo ndiyo idali yoyenera kutsatira. Dongosolo limasokonekera pokhapokha wakufayo atamenya kale m'ndimeyo, kapena akakhala iye mwini amene akumenya, monga wofa ndi poizoni kapena wobwezeredwa nkhonya ndi mdani. Nchifukwa chake wolemba masewera angayese kangapo osapeza kanthu. Python nayonso sichenjeza: ukafufuta chinthu pamndandanda uli mkati mowerengedwa, imangopitiriza. Java ndiye kawirikawiri amaima nkulemba uthenga wa `ConcurrentModificationException`, ndipo C# amalemba `InvalidOperationException`. Ine ndimaona kuti kuima kotere nkwabwino, chifukwa cholakwika chodziulula chimakonzedwa tsiku lomwelo, pamene chobisala chimafika mpaka m'manja mwa osewera.

Wobwera pakati pa ndime amadzetsa vuto lotembenuka. Tibwerere kwa anayi aja, onse ali moyo. Sing'anga, ali pa 2, waitana nkhwazi kuti imuthandize, ndipo nkhwaziyo yapeza 16. Pulogalamu yaiika pakati pa msilikali ndi fisi, popeza 16 ali pakati pa 18 ndi 15. Onse a pambuyo pake akankhidwa: fisi pa 2, sing'anga pa 3, njoka pa 4. Kompyuta yachoka pa 2 kupita pa 3, nkupezanso sing'anga yemweyo. Wamenya kawiri. Akaitananso nkhwazi ina yachangu, mpata umamubwererabe, njoka nkumangodikira.

Amene adaimapo pamzere ku chigayo amaidziwa nkhaniyi. Munthu sasunga malo ake ponena kuti ndine wachisanu, chifukwa wina akachoka kapena akalowerera, wachisanu akhala wina. Amanena kuti ndili pambuyo pa mayi a chitenje chofiira awo. Pulogalamu nayo iyenera kutsata wankhondo weniweniyo, kapena kuonetsetsa kuti mndandanda sukusuntha mpaka ndime itatha.

Njira yosavuta ndi yachiwiriyi. Ndime ikamayamba, pulogalamu imakopera mndandanda nkumayenda pa wokoperawo. Wakufa safufutidwa pomwepo, amangodumphidwa, ndipo kusesa kumachitika ndime ikatha.

```python
for w in list(ankhondo):
    if w.moyo <= 0:
        continue
    w.menya()
ankhondo[:] = [w for w in ankhondo if w.moyo > 0]
```

Mzere woyamba ndiwo ukukopera. Wachiwiri ndi wachitatu ukufunsa ngati wankhondoyo akadali moyo, ndipo si wouiwala. Ambiri amakopera mndandanda nkulekera pomwepo, ndiye sing'anga amene fisi wamupha amadzuka mpata wake ukafika nkumenya ali mtembo, poti dzina lake likadali pa wokopera uja. Kusafufuta msanga kuli ndi phindu linanso: m'masewera omwe wakufa amatha kudzutsidwa, akadzuka m'ndime yomweyo mpata wake usanadutse, amaupeza uli pomwepo.

Nanga nkhwazi ija? Mwa njira iyi siimenya mpaka ndime yotsatira, chifukwa siili pa mndandanda wokopera. Apa mpamene ndikufuna kutsindika: nthawi imene wobwera ayenera kuyamba kumenya ndi lamulo la masewera, ndipo munthu ayenera kuligamula asanalembe mzere ndi umodzi womwe. Dungeons & Dragons adayesa njira ziwiri. M'malamulo a mu 2014, nyama zoitanidwa ndi matsenga a Conjure Animals zimaponyeredwa dayisi yawoyawo monga gulu limodzi. M'buku la Tasha's Cauldron of Everything la mu 2020, cholengedwa choitanidwa ndi matsenga atsopano chimamenya wochiitana akangomaliza. Njira yachiwiriyi imakomera wosewera, popeza thandizo limafika nthawi yomweyo. Yodikira ndime ina imateteza mdani kuti asaunjikiridwe. Zonse nzotheka, bola lamulo likhale limodzi nthawi zonse.

Wofuna kuti wobwera amenye m'ndime yomweyo amafunika mzere wa okhawo amene sanamenye. Woyamba pamzerewo amachotsedwapo nkumenya. Wakufa amachotsedwa ngati akadalipo, ndipo wobwera amalowetsedwa pamene lamulo lanena. Nambala ya malo yoti isokonekere palibenso.

Kuyesa ngati masewera ali ndi matendawa sikutenga nthawi. Wolemba aike ankhondo anayi, pulogalamu izilemba dzina la aliyense amene wamenya. Aphe woyamba pa mpata wa wachiwiri, kenako aphe amene akumenyayo, kenako womaliza pamndandanda, pomaliza aitane wobwera wachangu kuposa onse. Wakufa womaliza amaulula vuto lina: ngati pulogalamu idawerengeratu kuti ankhondo ndi anayi, imakafuna malo 3 omwe kulibenso, ndipo Python imaima ndi uthenga wa `IndexError`. Pa kuyesa kulikonse, wamoyo aliyense amene adalipo ndime ikuyamba aoneke kamodzi kokha pa mayina olembedwawo, ndipo amene wafa mpata wake usanafike asaonekepo konse.