Mutu wa kalata yofunsira ntchito ukadali pamtsutso

Nyengo iliyonse zotsatira za mayeso zikatuluka ndiponso makoleji akatsanzikana ndi ophunzira awo, malo otayipirako makalata m'matauni monga Zomba, Mzuzu ndi Limbe amadzaza ndi achinyamata ofuna kuti awakonzere kalata yofunsira ntchito. Kale munthu ankafika ndi pepala lolemba pamanja, pomwe masiku ano ambiri amafika ndi mawu amene alemba pafoni, ndipo mawuwo amakhala ndi kalembedwe ka uthenga wopita kwa mnzawo. Ntchito ya wotayipa tsopano ndi kusandutsa mawu oterewa kukhala kalata yantchito, kutanthauza kalata yokhala ndi keyala ya wolemba, tsiku, keyala ya wolandira, malonje ndi mutu, chilichonse pamalo pake.

Pa malo ena otere mumzinda wa Zomba, mtsikana wina amene anali atangomaliza maphunziro owerengera ndalama anabweretsa mawu ofunsira ntchito yothandizira wowerengera chuma pa kampani ina. Mawuwo anali ndime imodzi yodzaza theka la tsamba, yoyamba ndi moni wa "Hi Sir" n'kupitiriza ndi mbiri ya sukulu zimene anaphunzirako kuchokera kupulayimale. Dzina la ntchito imene ankafuna linatulukira kumapeto kwenikweni, pambuyo pa chiganizo chonena za mavuto a pakhomo pawo. Keyala panalibe, nambala ya foni inali pansi pa dzina, ndipo tsiku linalembedwa 04/05/2025. Komabe m'kati mwa ndimeyo munali mfundo yolemera: mtsikanayo anagwirapo ntchito miyezi isanu ndi umodzi pa golosale ina, kumene ankalemba buku la ndalama zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse ndi kuliyerekeza ndi malisiti a kubanki mwezi ukatha.

Mayi wotayipa pa malowo, amene wakhala pa ntchitoyi kuyambira nthawi ya mataipilaita, anayamba ndi kufunsa za keyala asanakhudze liwu lililonse la thunthu la kalata. Popeza mtsikanayo analibe bokosi lake lakupositi, anagwiritsa ntchito la sukulu imene amalume ake amaphunzitsako, ndi chidule cha "c/o" patsogolo pa dzina lawo, chimene chimauza wonyamula makalata kuti yankho lidzere mwa munthuyo. Nambala ya foni inakwera kuchoka kumapeto n'kukhala pansi pa keyala, chifukwa masiku ano oitanidwa kukafunsidwa mafunso amaimbiridwa foni ndipo kalaliki amayang'ana pamwamba pa tsamba akamafuna nambala. Tsiku linalembedwa lathunthu, 4 May 2025, pakuti manambala okha aja munthu wozolowera kalembedwe ka ku Britain amawawerenga kuti pa 4 Meyi pomwe wozolowera ka ku America amawerenga kuti pa 5 Epulo, ndipo ngati kulandira makalata kunali ndi tsiku lotsekera, kusiyana kumeneku kukhoza kuchititsa kuti kalata ioneke ngati inalembedwa ntchito isanalengezedwe n'komwe.

Keyala ya wolandira inayamba ndi udindo wa munthu amene chilengezo cha ntchitoyo chinatchula, kenaka kampani, bokosi ndi mzinda. Moni unasintha kukhala "Dear Sir/Madam", zimene zinafuna kuti mawu otsanzikira akhale "Yours faithfully", pakuti "Yours sincerely" amayendera limodzi ndi malonje otchula dzina la munthu. Ndime yaitali ija inagawidwa patatu, nkhani ya kugolosale inakwera pakati, mavuto a pakhomo anachotsedwa, ndipo zonse zinakwana tsamba limodzi la A4 ndi malo osayinira pamwamba pa dzina.

Mtsutso unabuka pa mzere umodzi wokha, wa mutu. Mayiyo analemba "RE: APPLICATION FOR THE POST OF ACCOUNTS ASSISTANT" pansi pa malonje, m'zilembo zazikulu ndi mzere kunsi kwake. Bambo wina wopuma pa ntchito yauphunzitsi, amene ankadikira kuti amujambulire mapepala, anatsutsa poyera ponena kuti "RE:" amaikidwa pokhapokha munthu akuyankha kalata imene walandira, ndiye kuti wofunsira ntchito, amene akuyamba yekha kulemba, alibe chimene akuyankha. Mayiyo anayankha kuti makalata onse a m'maofesi amene anawaonapo amayamba choncho, ndipo kalata yopanda chidulecho imaoneka yosamalizika m'maso mwa mabwana.

Onse awiri ali ndi pogwira. Chidulechi chinachokera ku Chilatini cha azamalamulo ndipo chimatanthauza "pa nkhani ya", choncho pachiyambi sichinali chizindikiro cha yankho, ndipo mayiyo sanalakwe galamala. Koma mapulogalamu a imelo amaika okha "Re:" patsogolo pa mutu munthu akamayankha uthenga, ndipo chizolowezi chimenechi chalimbitsa maganizo onga a mphunzitsiyo pakati pa owerenga ambiri, moti kalata yotumizidwa pa imelo yokhala ndi mutu woyamba choncho imaoneka ngati yankho la nkhani yakale. Poyeza mbali ziwirizi, kusiya chidulecho n'kwanzeru, chifukwa mzere umene uli wokha pakati pa malonje ndi ndime yoyamba, wolembedwa m'zilembo zonenepa, umadziwika kale kuti ndi mutu, ndipo palibe amene angaulakwitse chifukwa chosowa zilembo ziwiri. N'chimodzimodzi ndi kuphatikiza zilembo zazikulu ndi mzere wakunsi, komwe kunali kofunika pa taipilaita imene sinkatha kunenepetsa zilembo. Pa kompyuta njira imodzi ndi yokwanira.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mtsutsowo unaphimba chinthu chachikulu chimene mutuwo unasowa. Chilengezo cha kampaniyo chinali ndi ntchito zingapo, iliyonse ndi nambala yake yoizindikiritsa, ndipo ntchito yowerengera chuma inalipo ku nthambi ziwiri. Munthu woyamba kugwira kalata yofunsira ntchito kawirikawiri ndi kalaliki, amene amadinda tsiku lolandirira n'kuiika pa mulu wake poyang'ana mutu wokha, osawerenga ndime. Mutu wosatchula nambala kapena nthambi umamusiya kalalikiyo kuti angoganizira, ndipo kalata ikagwera pa mulu wolakwika mwini wake sauzidwa. Ndi mtsikanayo amene anazindikira zimenezi atatsegulanso chilengezo pafoni yake, ndipo nambala ndi dzina la nthambi zinawonjezedwa kumapeto kwa mzerewo, dzina la ntchito n'kulembedwa monga momwe linalili m'chilengezo, liwu ndi liwu.

Za mbali imene keyala ya wolemba ikhale sizinavute. Kusukulu ambiri anaphunzira kuiika kudzanja lamanja, pomwe maofesi ochuluka tsopano amayambira mzere uliwonse kumanzere ndi kulekanitsa ndime ndi mpata, ndipo njira zonsezi n'zololedwa bola munthu asazisakanize m'kalata imodzi. Mayiyo anasunga kalatayo ngati PDF kuti mizere isasunthe ikatsegulidwa pa kompyuta ina.

Otayipa ambiri amasunga kalata imodzi yachitsanzo n'kumangosintha mayina, ndipo olandira makalata m'maofesi amati amaizindikira msanga, chifukwa makalata ochokera m'tauni imodzi amayamba ndi chiganizo chofanana. Nthawi zina tsiku limakhala la mwezi watha ndipo mutu umatchula ntchito ya dalaivala pamwamba pa ndime zofotokoza luso lowerengera ndalama, poti mwini kalata anawerenga thunthu lokha n'kusayina osayang'ananso mizere yapamwamba.