KUCOTSA MLENDO PA CITHUNZI CA PA CHINYUNYU: DISO LIMAGWIRA MWALA WOBWEREZEDWA

Anthu oyenda pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata amaima kawirikawiri pa Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, kuti aone akasupe a madzi otentha. Pa masiku opumula malowa amadzaza, ndipo banja likajambulitsa cithunzi limapeza kunyumba kuti pambali pao paima munthu amene silimdziwa. Mlendo wotere angacotsedwe pa kompyuta. Kumfafaniza nkwapafupi. Cobvuta ndi kubwezera nthaka pamene anaima mwa njira yakuti woona asazindikire.

CIDINDO COKOPERA

Cida ca nchito imeneyi cimachedwa Clone Stamp mu Photoshop, ndipo cimatengedwa mwa kudina S. Mu GIMP, imene iri yaulere, dzina lace ndi Clone ndipo mumadina C. Cidindoci sicipeka kanthu. Cimatapa mbali ina ya cithunzi ndi kuimata pamene mukupaka, monga mmisiri amene amang'amba nsalu ku mpendero kuti aike cigamba pa bondo. Posankha potapa mumagwira Alt ndi kudina pamalopo. Mu GIMP mumagwira Ctrl.

Musapake pa cithunzi ceniceni. Tsegulani Layer yatsopano yopanda kanthu, imene iri ngati pepala loonekera loyalidwa pamwamba, ndipo pa Sample sankhani Current & Below. Mukalakwa mumangofufuta pa pepalalo, cithunzi cikhala cosakhudzidwa.

MIYALA YAPAFUPI NDI YAKUTALI

Tiyeni titenge citsanzo. Cithunzi nca mapikiseli 4,000 m'lifupi ndi 3,000 m'litali, ndiko kuti timadontho tija timapanga cithunzi. Banja liri pakati. Kumanja kwaima mnyamata amene watenga malo a mapikiseli 300 m'lifupi ndi 900 m'litali. Pa mapazi ace pali miyala yonyowa, kumbuyo kwa ciuno cace kuli mcenga ndi kamfuleni, ndipo mutu wace waphimba udzu wakutali.

Lamulo loyamba ndi ili: tapani m'mbali mwa malo amene mukukonza, pa mzere umodzimodzi, osati pamwamba kapena pansi pace. Cifukwa cace ncakuti zinthu zimacepa pa cithunzi zikamatalikira kamera. Mwala wa pa mapazi a mnyamatayo ungakhale wa mapikiseli 40, pamene mwala wofanana nao umene uli kumbuyo kwa phewa lace ndi wa mapikiseli 10 okha. Mukatapa mwala wapafupi ndi kuumata kutali, umaoneka ngati thanthwe pakati pa timiyala. Nthaka yakutali imakhalanso yosaoneka bwino kwenikweni, makamaka pamene nthunzi ya madzi otentha yaiphimba, cotero cigamba cakuthwa cocokera pafupi cimadziulula cokha.

Burashi nayo izicepa pamene mukukwera. Pa mapazi ikhale ya mapikiseli 70 kapena 80, kuti izinyamula mwala wathunthu pamodzi ndi kamthunzi kace. Pa udzu wakutali 25 akwana.

BURASHI YOFEWA IMAPANGA MATOPE

Ophunzira ambiri amaopa kuti m'mphepete mwa cigamba mudzaoneka, ndiye amafewetsa burashi kotheratu ndi kucepetsa mphamvu yace. Pa thambo losalala zimenezi zimathandiza, koma pa miyala zimaononga. Mphamvu ikakhala theka, miyala yakale imaonekera pansi pa yatsopano, ndipo mukapaka kawiri katatu malowo amasanduka ngati phala. Siyani Opacity pa 100, ndipo Hardness ikhale pakati pa 50 ndi 70. Dindani pang'ono pang'ono, ndipo malire a cigamba ciri conse muziwagwetsera m'mipata yakuda ya pakati pa miyala, mmene diso silifufuza.

CIFUKWA CACE MWALA UMABWERA KAWIRI

Cizindikiro cacikulu ca nchito yosakonzeka ndico mwala umodzi wooneka kawiri kapena katatu pa mzere. Gwero la bvutoli liri pa kabokosi ka Aligned. Kakacongedwa, potapa pamayenda pamodzi ndi burashi, ndipo mtunda wa pakati pao susintha.

Tinene kuti mwayambira ku mphepete ya kumanja ya mnyamatayo, mwatapa pa mtunda wa mapikiseli 200 kumanja kwace, ndipo mukupaka kulowera kumanzere. Mapikiseli 200 oyamba amayenda bwino. Mukapitirira pamenepo, potapa pamalowa m'malo amene munali mnyamatayo. Ngati simunatukule dzanja, malaya ace amayamba kubweranso. Ngati munatukula, cidindo cimakopera cigamba canu comwe, ndipo mwala woyera uja umaoneka kacitatu, pa mapikiseli 200 ali onse.

Mankhwala ace ndi kusintha potapa mukadinda katatu kapena kanai, kwina kutapa kumanja, kwina kumanzere, ndi kutseka mpata kucokera mbali zonse ziwiri kufikira zigamba zitakumana pakati. Pewani kutapa cinthu codziwika msanga monga mwala woyera, tsamba louma kapena cidendene ca phazi pa mcenga. Cikabwera kawiri, phimbani cimodzi ndi nthaka wamba.

Mizere imafuna cisamaliro capadera. Gombe la kamfuleni limene linabisika kumbuyo kwa mnyamatayo liyenera kulumikizidwa poyamba. Tapani pa gombe penipeni, ikani burashi pa gombe pomwe pamene ladukira, ndipo mukatero dzazani mcenga ndi madzi.

MTHUNZI WOTSALA

Munthu akacoka, zace zimatsala. Funani mthunzi wace pa nthaka, ndiponso maonekedwe ace m'madzi ndi pa miyala yonyowa. Mthunzi wopanda mwini umaulula zonse. Poucotsa tapani pamalo owala dzuwa, ndipo musasakanize nthaka yonyowa ndi youma, pakuti yonyowa njakuda ndi yonyezimira.

Poyesa nchito, kuzani cithunzi kufika pa 100 peresenti kuti muone ngati pali malo osalala ngati phala. Kenaka cicepetseni cikwane conse pa galasi, cifukwa miyala yobwerezedwa imaoneka bwino patali. Zimitsani Layer ija ndi kuiyatsanso kangapo. Cigamba coderapo kapena cowalapo cidzaphethira m'maso mwanu.

PAMENE CIDINDO CIMALEPHERA

Cidindo sicingabweze cimene kamera sinaone. Mlendo akaphimba dzanja la mwana wanu, palibe potapa dzanjalo. Anthu akacuruka kotero kuti nthaka yoonekera njocepa kuposa malo ofunika kuphimba, kubwereza sikupeweka. Nzeru ndi kujambula zithunzi zitatu kapena zinai musanasunthe phazi. Anthu amayenda, ndipo nthaka yobisika m'cithunzi coyamba idzaoneka m'caciwiri, kumene mungaitape. Mlendo akakhala kumphepete, kudula mbali imeneyo kumaposa kupaka.

Awerengi adziwenso kuti luso limeneli nla zithunzi za banja ndi za cikumbutso, osati za nkhani kapena za umboni. Mu Januwale 2014 bungwe la nkhani la Associated Press linaleka kugwira nchito ndi wojambula Narciso Contreras, cifukwa anacotsa kamera ya mnzace pa ngodya ya cithunzi ca nkhondo ya ku Syria mwa kumatapo nthaka yotapa pambali. Cithunzi ca pa Chinyunyu copacika m'nyumba mungacikonze monga mufunira, koma coyamba cija cisungeni padera monga cinatulukira m'kamera.