Hadidisiki yatsopano: zoyenera kuchita musanaikemo fayilo ndi imodzi yomwe

Tiyerekeze munthu amene amajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Kompyuta yake yadzaza, ndiye wagula hadidisiki yatsopano ya 4 TB. Watsegula bokosi la kompyuta, wamanga disikiyo pamalo pake, walumikiza nthambo ziwiri: yaing'ono ya SATA yodutsitsa mafayilo, ndi yotakata yobweretsa magetsi. Wayatsa kompyuta, watsegula This PC, koma disiki yatsopano ija sikuoneka. Ambiri akafika apa amayamba kusakasaka lisiti kuti akabweze katundu kusitolo, chonsecho disikiyo ilibe vuto lililonse.

Hadidisiki yoika m'kati mwa kompyuta imachoka kufakitale ilibe kalikonse. Ili ngati malo amene mfumu sinagawe: nthaka ilipo, koma palibe malire, palibe kaundula wonena kuti apa mpayani. Windows siingasungepo kanthu mpaka malirewo atadulidwa ndipo kaundula atalembedwa. Kudula malire ndiye kugawa disiki m'zigawo, zimene okonza makompyuta amati mapatishoni. Kulemba kaundula wa momwe mafayilo azisungidwira m'chigawo chilichonse ndiye kufomata. Madisiki olumikiza panja pa USB nthawi zambiri amabwera atafomatidwa kale, n'chifukwa chake amaonekera mukangowalumikiza.

Ntchito yonse imachitikira pa pulogalamu yotchedwa Disk Management, imene ili kale mu Windows. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `diskmgmt.msc`, kenaka Enter. M'munsi mwa sikirini mudzaona madisiki onse atandandalikidwa: Disk 0, Disk 1, mpaka onse atha. Yatsopanoyo imadziwika ndi mawu akuti Unknown ndi Not Initialized, ndipo malo ake amakhala ndi mzere wakuda pamwamba, olembedwa Unallocated. Ngati nakonso kuno sikuoneka, ndiye zimitsani kompyuta muonenso nthambo ziwiri zija, makamaka ya magetsi, imene anthu amakonda kuiwala.

Musadabwe kuona kukula kwake kukulembedwa pafupifupi 3726 GB m'malo mwa 4000. Palibe wakuberani. Opanga madisiki amawerenga 1000 pa sitepe iliyonse kuchoka pa mabaiti kufika pa magigabaiti, pomwe Windows imawerenga 1024. Ndi chifukwa chomwecho disiki ya 1 TB imaoneka 931 GB. Nambalayi ili ndi ntchito ina yaikulu: ndiyo ikutsimikizireni kuti disiki imene mukufuna kuikhudza ndi yatsopanodi, osati yakale yosunga ntchito zanu. Pa ntchito yonseyi, ngozi yeniyeni ndi imodzi, kufomata disiki yolakwika. Choncho zulani mafulashi ndi madisiki ena onse a USB musanayambe, ndipo werengani kukula kawiri musanadine chilichonse.

Kawirikawiri mukangotsegula Disk Management pamatuluka kabokosi ka Initialize Disk, kofunsa kuti musankhe MBR kapena GPT. Funsoli limaoneka laling'ono, anthu amangodina OK osawerenga, koma ndi limene limaliza anthu pakapita miyezi. Zonse ziwiri ndi njira zolembera malire a zigawo kumayambiriro kwa disiki. MBR ndi yakale, inayamba mu 1983, nthawi imene disiki ya 10 MB inali yaikulu. Manambala amene imagwiritsa ntchito powerenga malo amathera pa 2048 GB pa madisiki ambiri, ndipo imalola zigawo zikuluzikulu zinayi zokha. GPT ndi ya masiku ano. Imafika kutali kwambiri kupitirira madisiki onse amene mungagule m'sitolo, Windows imalola zigawo mpaka 128, ndipo imasunganso kope lina la malirewo kumapeto kwa disiki, loti lithandize loyamba likawonongeka.

Wojambula mavidiyo uja atasankha MBR pa disiki yake ya 4 TB, chimene angaone ndi malo akuda awiri: ena a 2048 GB, ena a pafupifupi 1678 GB. Oyambawo atha kuwagawa bwinobwino. Achiwiriwo akawadina ndi batani lakumanja la mausi, mawu akuti New Simple Volume amakhala otuwa, osadinika. Ndiye kuti pafupifupi theka la disiki imene walipira ndalama zambiri langokhala osagwira ntchito. Akazindikira msanga, disiki isanaikidwe kanthu, mankhwala ake ndi a mphindi imodzi: kudina dzina la disikiyo ndi batani lakumanja n'kusankha Convert to GPT Disk. Koma Disk Management imalola zimenezi pokhapokha zigawo zonse zitafufutidwa. Akazindikira atadzaza kale 2048 GB ndi maukwati a anthu, ayenera kupeza kaye disiki ina yosamutsirako zonsezo.

Langizo langa ndi lakuti sankhani GPT basi, ngakhale disiki ikhale yaing'ono. MBR isiyireni amene akufuna kuika Windows pa kompyuta yakale kwambiri yopanda UEFI, kapena amene disiki yake izilumikizidwa ku TV kapena wailesi yakale imene siidziwa GPT. Windows 11 payokha imafuna UEFI, ndipo disiki imene ikukhalapo iyenera kukhala ya GPT.

Mukatha apo, dinani malo akuda aja ndi batani lakumanja, musankhe New Simple Volume. Kompyuta idzakufunsani kukula kwa chigawo, ndipo imafuna nambala ya MB, osati GB. Mukasiya nambala imene yalembedwa kale, disiki yonse ikhala chigawo chimodzi. Wojambula uja angafune kupatula 500 GB ya ntchito zimene akukonza pakali pano, ndiye achulukitsa 500 ndi 1024, alemba 512000. Malo otsala, pafupifupi 3226 GB, abwereza njira yomweyo kuti akhale chigawo chachiwiri chosungira ntchito zomalizidwa.

Kodi kugawa kotere n'koyenera? Pa disiki imene pakhale Windows, phindu lake lilipo ndithu: tsiku lodzaikanso Windows mudzafufuta chigawo cha C chokha, mafayilo anu ali phee kuchigawo china. Koma pa disiki yongosungira zinthu, ine ndimaona kuti chigawo chimodzi ndi mafoda okonzedwa bwino zimaposa. Foda imakula mmene mukufunira, pomwe chigawo chikadzaza chadzaza, ngakhale chinzake chili ndi malo ambirimbiri. Ndipo pali bodza lina limene anthu amadzinamiza nalo, lakuti kukopera fayilo kuchoka ku D kupita ku E ndiye kuti yatetezeka. Ngati D ndi E zili pa disiki imodzi, tsiku limene disikiyo idzafe zidzapita limodzi.

Kenaka mupatsa chigawocho chilembo, monga D kapena E, ndipo mufika pa funso lachiwiri lofunika kuliganizira, pamalo olembedwa File system. Pa disiki yokhala m'kati mwa kompyuta ya Windows, yankho ndi NTFS. Chimodzi mwa zabwino zake ndi chakuti isanasinthe kaundula wake, imayamba yalemba pambali zimene ikufuna kuchita. Magetsi akathima mwadzidzidzi, monga zimachitikira kwathu kuno, kompyuta ikayakanso imayang'ana zolemba zapambalizo n'kukonza kaundula. Fayilo imene munkakopera nthawi imeneyo itha kuwonongeka, koma kaundula wa disiki yonse kawirikawiri amapulumuka.

exFAT ilibe chitetezo chimenechi, ndiye magetsi akathima kapena nthambo ikazuka pakati pa ntchito, mavuto ake amakula. Ubwino wake ndi wakuti Windows ndi makompyuta a Mac onse amatha kuwerenga ndi kulembapo, pomwe pa NTFS, Mac imangowerenga koma siilemba popanda pulogalamu yapadera. Choncho exFAT ndi ya disiki yoyendayenda pakati pa makompyuta osiyanasiyana. FAT32, imene mafulashi ambiri amabwera nayo, siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Vidiyo ya ukwati ya 9 GB idzakanidwa ndi uthenga wakuti fayilo yakula kwambiri, ngakhale malo atsale ochuluka bwanji.

Pa Allocation unit size siyani Default. Pa Volume label lembani dzina lomveka, monga NTCHITO kapena ZOSUNGA, chifukwa zilembo zimatha kusintha mukalumikiza madisiki ena, koma dzina limakhala lomwelo.

M'munsi mwake muli kabokosi kochongedwa kale, Perform a quick format. Mukakasiya chomwecho, kufomata kumatha m'masekondi ochepa, chifukwa kompyuta imangolemba kaundula wopanda kanthu, osayendera disiki yonse. Mukachotsa chongacho, Windows imalemba maziro pamalo alionse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ikapeza malo owonongeka imawaika chizindikiro kuti asagwiritsidwe ntchito. Zimenezi zimadya nthawi. Disiki yolemba 150 MB pa sekondi imafuna maola oposa 7 kuti imalize 4 TB, ndipo poti liwiro limatsika ikamayandikira kumapeto, yembekezani kuposa pamenepo. Magetsi akathima pakati, disiki siifa, mumangoyambiranso.

Pa hadidisiki ya mbale zozungulira, maola amenewa ine sindiwaona ngati otayika. Disikiyo yayenda ulendo wautali, pa sitima, pa ndege, m'malole, ndipo ngati inagwetsedwa penapake, ndi bwino vutolo lionekere lero ili yopanda kanthu komanso nthawi yoibweza kusitolo isanathe. Ikamalira kuti kha, kha, kha mobwerezabwereza, kapena kufomata kukaima pa peresenti imodzi kwa maola ambiri, kapena pakatuluka uthenga wakuti kufomata kwalephera, yesani nthambo ina kamodzi. Zikapitirira, ibwezeni. Pa SSD kufomata kwachangu n'kokwanira.

Palinso chinthu china choyenera kuona, poti si disiki iliyonse yotchedwa yatsopano imene ili yatsopanodi. Disiki imasunga yokha mbiri ya umoyo wake, ndipo pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa mbiriyo. Pa Power On Hours payenera kukhala maola ochepa chabe, ogwirizana ndi nthawi imene mwakhala nayo. Mukaona maola zikwizikwi, mwagulitsidwa kaunjika. Pa Reallocated Sectors Count, nambala ya m'danga la Raw Values iyenera kukhala ziro. Chizindikiro china ndi kupeza zigawo zodulidwa kale pa disiki ya m'kati imene akuti yangochoka m'pepala.

Nthawi zina zigawo zoterozo zimakana kufufutika mu Disk Management. Apo ndiye amatsegula Command Prompt ngati Administrator n'kulemba malamulo awa, limodzilimodzi:

```
diskpart
list disk
select disk 1
clean
convert gpt
```

Nambala 1 apa ndi chitsanzo chabe. Yanu muitenge pa mndandanda umene `list disk` yatulutsa, poyang'ana kukula kwa disiki. Lamulo la `clean` silifunsa ngati mwatsimikiza; mukangodina Enter, malire onse a disiki imene mwasankha amafufutika nthawi yomweyo. Musanalilembe, bwerezani `list disk` muone kuti kanyenyezi kali kumanzere kwa disiki yoyenera. Mukatero, bwererani ku Disk Management, mudzaipeza ili ndi mzere wakuda wa Unallocated, yokonzeka kugawidwa.