Ngongole kapena masheya? Zokumbukira usiku wa mawa lake mayeso

Funso loti kampani ipeze kuti ndalama zokulitsira ntchito zake lili ndi mayankho awiri otchuka, omwe m'kalasi timawatcha tiredi-ofu ndi pekingi oda. Ophunzira ambiri amataya malikisi chifukwa amafotokoza ganizo lililonse palokha, osaonetsa pomwe awiriwa akusemphana.

Tiyambe ndi tiredi-ofu. Mu 1963, Modigliani ndi Miller anaonetsa kuti ngongole ili ndi ubwino pa nkhani ya msonkho, popeza chiwongoladzanja chimachotsedwa pa phindu msonkho usanawerengedwe. Tiyerekeze kuti kampani yabwereka K100 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti, ndipo msonkho ndi 30 peresenti. Chiwongoladzanja cha pachaka ndi K20 miliyoni, choncho msonkho utsika ndi K6 miliyoni. Koma ngongole ikachuluka, mwayi wolephera kubweza umakulanso. Ogulitsa katundu amayamba kufuna ndalama pompopompo, antchito aluso amachoka, ndipo nkhani ikafika kukhoti maloya amadyapo. Tiredi-ofu imati kampani ibwereke mpaka pomwe ubwino wa kwacha yowonjezera ya ngongole wafanana ndi kuipa kwake. Pamenepo ndiye pali mlingo woyenera, ndipo kampani ikapatuka imayesetsa kubwererapo.

Pekingi oda, yomwe Myers ndi Majluf anaifotokoza mu 1984, imayambira pena: oyendetsa kampani amadziwa zambiri kuposa ogula masheya. Tinene kuti kampani ikufuna K200 miliyoni, ndipo sheya yake ili pa K40 pamsika. Ngati mabwana akudziwa kuti mtengo wake weniweni ndi K50, safuna kugulitsa, chifukwa atulutsa masheya 5 miliyoni m'malo mwa 4 miliyoni, ndipo eni ake akale aluza. Ngati akudziwa kuti ndi K30, agulitsa mokondwa. Ogula amadziwa zimenezi, ndiye akamva kuti kampani ikutulutsa masheya atsopano amakayikira, mtengo n'kutsika. N'chifukwa chake kampani imayamba ndi phindu lomwe inasunga, likachepa imabwereka, ndipo masheya atsopano amabwera pomaliza. Ngongole imatsogola masheya chifukwa zomwe wobwereketsa adzalandire n'zogwirizana kale, motero zinsinsi za mabwana sizisintha kwambiri mtengo wake. Pano palibe mlingo womwe kampani ikulondola. Ngongole yomwe ili nayo ndi chizindikiro chabe cha ndalama zomwe inasowa m'mbuyomu.

Funso lomwe limasiyanitsa bwino maganizo awiriwa ndi la kampani yopeza phindu lalikulu. Taganizirani makampani awiri ofanana, iliyonse ikufuna K300 miliyoni ya makina atsopano. Yoyamba yasunga phindu la K350 miliyoni, yachiwiri K120 miliyoni. Malinga ndi pekingi oda, yoyamba sibwereka konse, pomwe yachiwiri ibwereka K180 miliyoni. Tiredi-ofu ikunena zosiyana: yoyamba ndiyo iyenera kukhala ndi ngongole yambiri, chifukwa ili ndi phindu lochuluka loliteteza ku msonkho komanso siili pafupi kugwa. Kafukufuku wa m'maiko ambiri wapeza kuti makampani aphindu lalikulu amakonda kukhala ndi ngongole yochepa, ndipo apa pekingi oda ndiyo imapambana.

Koma musafulumire kuitaya tiredi-ofu. Mukafunsidwa chifukwa chomwe kampani yokhala ndi nyumba ndi malo imabwereka kwambiri kuposa yopanga mapulogalamu a kompyuta, yankho lili kwa iyo. Nyumba zimakhala chikole ndipo zimagulitsika kampani ikagwa, pomwe luso la antchito limatuluka nawo pakhomo. Kugwa kumawononga zambiri pa kampani yachiwiriyi, choncho mlingo wake wa ngongole ndi wotsika. Pekingi oda nayo ili ndi pofooka: makampani aang'ono omwe akukula msanga amatulutsa masheya kawirikawiri, ngakhale ganizoli limawaika pomaliza.

Polemba yankho, samalani zinthu ziwiri. Choyamba, musanene kuti phindu losungidwa ndi laulere. Ndi ndalama za eni masheya, ndipo iwo amayembekezera kuti ziwabweretsere kanthu. Ubwino wake ndi woti siliutsa chikayiko pamsika ndipo silifuna ndalama zolipirira kutulutsa masheya. Chachiwiri, kutsika kwa mtengo wa sheya pambuyo pa chilengezo cha masheya atsopano musakufotokoze ndi msonkho, chifukwa gwero lake ndi kusiyana kwa zomwe mabwana ndi ogula akudziwa.

Mukawerenga funso, onani chomwe likutchula. Likakamba za msonkho, chikole kapena mlingo womwe kampani ikubwererako, yambani ndi tiredi-ofu. Likakamba za phindu losungidwa, zinsinsi za mabwana kapena momwe msika walandirira chilengezo, yambani ndi pekingi oda. Kenako lembani chomwe ganizo linalo likanalosera pa kampani yomweyo, pakuti malikisi a kusiyanitsa ali pamenepo.