Usanasereule Mnzako, Yamba Wadziseka Wekha

Kwathu kuno kusereulana kuli ndi eni ake. Msuweni amatha kuuza msuweni wake kuti ndi waulesi pamaso pa anthu, onse n'kuseka. Agogo aakazi amatcha mdzukulu wawo wamwamuna kuti "amunanga," ndipo munthu ndi mlamu wake amanyogodolana popanda mlandu. Koma mawu omwewo ukawanena kwa apongozi, nkhani imafika kwa ankhoswe. Katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, Radcliffe-Brown, analemba za maubale otere mu 1940, ndipo anaona kuti chipongwe chake chimakhala chololedwa: wonenedwayo sayenera kukwiya.

Vuto limagwera munthu amene alibe chilolezo chimenechi, monga mlendo pamudzi, wantchito watsopano kapena mkamwini amene wangofika kumene. Iye amafuna kulowa nawo m'macheza, koma sadziwa amene amapsa mtima msanga kapena amene ali ndi bala lobisika. Munthu mmodzi yekha amene akumudziwa bwino malire ake ndi iye mwini. N'chifukwa chake nthabwala yoyamba iyenera kugwera pa iyeyo. Ikakanika kuseketsa, palibe wapwetekeka.

Tiyerekeze mnyamata amene wasamukira kumene pamalo, ndipo madzulo amapita pansi pa mtengo pomwe abambo amasewera bawo. Tsiku lina mkulu wina wamudya njere zonse katatu motsatizana. Mnyamatayo akupukusa mutu n'kunena kuti, "Bambo, ine ndimabwera kuno kudzakusungirani njere basi." Anthu akuseka, ndipo mkuluyo akuyankha, "Usadandaule mwanawe, kusunga umasunga bwino."

Taonani zimene zachitika. Mnyamatayo wasankha cholakwa chaching'ono chimene aliyense waona ndi maso, ndiponso chimene mawa chingathe kusintha. Wanena chiganizo chimodzi n'kukhala chete. Kukhala cheteko n'kofunika, chifukwa kumapatsa ena mpata woonjezera. Mkuluyo ataonjezera, mnyamatayo wasekanso, ndipo onse adziwa kuti ndi munthu wotha kulandira nthabwala. Amene sanaonetse kuti amalandira, anthu samulola kuponya.

Patapita masiku, akhoza kukokeramo mnzake amene naye wagonja: "Achimwene, ine ndi inu tiyambe kulipira fizi kwa bambowa." Apa akusereula mnzake, koma iye ali momwemo. Pomalizira pake ndi pamene angakhudze mkuluyo payekha, ndipo amukhudze pa chinthu chimene ali nacho mphamvu: "Bambo, manja anuwa tiwasechepo, njere zikuthera kumodzi." Nthabwala imeneyi mkati mwake muli kuyamikira, ndipo mkuluyo amaimva choncho.

Komabe kudziseka kuli ndi ngozi zake. Mu 2003, Rod Martin ndi anzake a ku yunivesite ya Western Ontario ku Canada anagawa nthabwala m'mitundu inayi. Umodzi mwa mitunduyo ndi wa munthu amene amadzinyoza mopitirira muyeso pofuna kuti ena amukonde, ndipo anapeza kuti khalidweli limayendera limodzi ndi kudziona wachabechabe komanso nkhawa. Kusiyana kwake n'koonekeratu. Kunena kuti "lero bawo yandikana" n'kuseka chimene chachitika. Kunena kuti "ine ndine chitsiru, palibe chimene ndimatha" n'kudzipha wekha pamaso pa anthu.

Mungadziwe bwanji kuti mwapitirira? Yang'anani nkhope za omvera. Akayamba kukutonthozani, kumati "ayi, musatero," m'malo moseka, ndiye kuti mwawasenzetsa katundu. Mukabwerera kunyumba mtima ukuwawa, nthabwalayo inakhudza bala lenileni. Ndipo mukamabwereza nkhani imodzimodzi tsiku ndi tsiku, imasanduka dzina lanu, moti ngakhale ana amayamba kukuitanirani. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Kamodzi kapena kawiri pamacheza n'kokwanira.

Ngozi ina ndi yoti muvi umene mwadzilozetsa ukhoza kulasa amene wakhala pambali panu. Mukaseka kufupika kwanu, umphawi wanu, mtundu wanu kapena kulephera kwanu mayeso, kumbukirani kuti pagulupo pangakhale wina amene zomwezo zimamusowetsa tulo. Matenda, kulumala, kusabereka ndi mavuto a m'banja zisiyeni, ngakhale zitakhala zanu. Ndipo pamene anthu akufuna kukudalirani, monga pofunsira ntchito kapena popempha ngongole kubanki m'khonde, musaseke luso lanu kapena kasungidwe kanu ka ndalama, chifukwa ena adzakukhulupirirani.

Choncho owerenga, mukafika pagulu lachilendo, yambani mwamvetsera, kenako sekani kacholakwa kanu kakang'ono, ndipo lolani ena akusekeni. Akadzayamba kukusereulani mwaufulu inu n'kumaseka nawo, dziwani kuti nthawi yanu yobwezera yakwana.