Kawotchi kosasuntha: zimene foni imachita uthenga ukakana kupita

Uthenga wa pa WhatsApp ukangolembedwa n'kudinidwa, pansi pake pamaoneka kachizindikiro ka wotchi. Netiweki ikakhala bwino, kawotchiko kamazimiririka munthu asanakaone n'komwe, ndipo m'malo mwake mumabwera tiki imodzi yotuwa. Koma netiweki ikafooka, kamatha kukhala pompo kwa mphindi zambiri, ngakhale tsiku lathunthu. Tanthauzo lake ndi limodzi: foni sinalandirebe mawu ochokera ku seva otsimikizira kuti uthengawo wafika. Seva ndi makompyuta akuluakulu a kampani amene amalandira mauthenga onse n'kuwagawira eni ake, chifukwa uthenga suchoka pa foni ina n'kulunjika pa inzake. Tiki imodzi imanena kuti seva yalandira, matiki awiri amanena kuti uthenga walowa m'foni ya wolandira, ndipo akasanduka abuluu ndiye kuti wauwerenga.

Chinthu choyamba chimene pulogalamu imachita si kutumiza, koma kusunga. Uthenga umalembedwa kaye m'chikumbumtima cha foni, umapatsidwa nambala yakeyake yomwe wolemba saiona, n'kuikidwa pamzere wa mauthenga odikira kutuluka. N'chifukwa chake munthu amatha kulemba mauthenga asanu pamalo opanda netiweki, foni n'kuzima batire itatha, koma akaitchaja n'kuiyatsa amapeza onse asanu akadali ndi timawotchi tawo. Uthenga suchotsedwa pamzerewu pongoti watuluka m'foni. Umachoka pokhapokha yankho la seva litabwera, ndipo vuto lonse la netiweki yofooka lagona pa ulendo wa mbali ziwiri umenewu, wopita ndi wobwerera.

Anthu ambiri amadabwa kuona timizere ta netiweki titatu kapena tinayi pamwamba pa foni, uthenga uli kakasi. Timizereto timaonetsa mphamvu imene foni ikumvera nsanja ya netiweki, osati mmene nsanjayo ikumvera foni. Nsanja ili ndi magetsi ambiri ndi milongoti ikuluikulu, pamene foni ya 4G imalankhula ndi mphamvu yosaposa pafupifupi mawati 0.2. Choncho kumudzi kotalikirana ndi nsanja, kuseri kwa phiri, kapena m'nyumba ya makoma ochindikala, foni imatha kumva bwinobwino koma mawu ake osafika. Timizere sitinenanso za kuchuluka kwa anthu. Pa tsiku la msika, pa bwalo la mpira, kapena madzulo anthu ataweruka, mafoni mazanamazana amalimbirana nsanja imodzi, ndipo aliyense amapatsidwa kagawo kochepa. Kachilembo kamene kali pambali pa timizere kamathandiza kuposa timizereto. `E` ndi netiweki yakale ya 2G yomwe imayenda pang'onopang'ono kwambiri, `H` ndi `H+` ndi za 3G, ndipo `4G` kapena `LTE` ndi yothamanga. Palinso chifukwa china chosakhudza nsanja: bandulo ikatha, timizere timakhala todzaza ndithu, koma deta sidutsa.

Foni isanatumize chilichonse, imayenera kutsegula kaye njira yolankhulirana ndi seva. Imafunsa adiresi ya seva, imapereka moni n'kudikira kuyankhidwa, kenako mbali ziwirizi zimagwirizana za makiyi obisira zokambirana. Zonsezi ndi timaulendo tingapo topita n'kubwerera. Pa 4G yabwino, kaulendo kamodzi kamatenga kagawo kakang'ono ka sekondi, koma pa `E` yodzaza anthu kamatha kutenga sekondi yathunthu kapena kuposa, ndipo tizidutswa tina ta deta timasochera m'njira. Kachidutswa kakasochera, foni imakatumizanso. Malamulo a TCP, omwe amayendetsa kulumikizana kochuluka pa intaneti, amati poyambira foni idikire sekondi imodzi, ndipo ikalephera iwirikize kawiri nthawi yodikirayo.

Mapulogalamu a mauthenga amagwiritsanso ntchito nzeru yomweyo polumikizananso ndi seva njira ikaduka. Zimafanana ndi mlendo amene waodira pakhomo osayankhidwa: amaodiranso posachedwa, koma akaona kuti kuli zii, amakhala pakhonde n'kumatalikitsa nthawi pakati pa odi ndi odi. Pulogalamu iliyonse ili ndi manambala ake, koma kachitidwe kake kamaoneka chonchi:

```
1, 2, 4, 8, 16, 32
```

Awa ndi masekondi odikira pambuyo pa kulephera kulikonse. Tiyerekeze kuti wogula chimanga ali pamsika wakumudzi, ndipo walembera mwini galimoto uthenga wakuti matumba 20 akwana. Kuyesa koyamba kwalephera. Foni iyesanso pa sekondi 1, kenako pa 3, pa 7, pa 15 ndi pa 31, chifukwa nthawi zodikira zija zikuphatikizana. Ikalepheranso pa 31, kuyesa kotsatira kudzabwera pa sekondi 63. Tsopano ngati nsanja yapepukidwa pa sekondi 35, uthengawo ukhalabe ndi kawotchi kwa masekondi ena 28, njira ili yotseguka. Apa ndi pamene munthu amaona mnzake wa pambali pake akutumiza zinthu bwinobwino pa netiweki yomweyo, iye zake zili chiimire, n'kuyamba kuganiza kuti foni yake yawonongeka.

Kudikira kotereku kuli ndi zifukwa zomveka. Wailesi ya m'foni imadya batire kwambiri ikamalankhula ndi nsanja yakutali, moti foni yoyesa sekondi iliyonse ingatenthe n'kuzima msanga. Chifukwa chachiwiri n'chokhudza anthu onse pamodzi. Nsanja ikazima kenako n'kuyakanso, mafoni onse a m'deralo amafuna kulumikizana nthawi imodzi, ndipo akanati onse aziyesa pa sekondi yofanana, akanaipanikizanso. Pofuna kupewa zimenezi, olemba mapulogalamu amawonjezera kanthawi kongolotera pa kudikira kulikonse, kuti foni ina idikire masekondi 7, ina 9, m'malo moti onse adikire 8. Amaikanso malire kuti nthawiyo isakule mpaka kalekale.

Pulogalamu sidalira wotchi yokha. Android ndi iOS zimaiuza pamene foni yapeza netiweki yatsopano, monga ikalowa pa Wi-Fi kapena deta ikayatsidwa, ndipo ikamva zimenezi imasiya kudikira n'kuyesa pompopompo. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha chizolowezi chodziwika chija choyatsa `Airplane mode` kwa masekondi angapo n'kuizimitsanso. Kuteroko kumadula kulumikizana konse kwakale, kumachititsa foni kufunafuna nsanja mwatsopano, ndiponso kumayambitsanso kuwerenga kuja pa chiyambi. Kumathandiza kwambiri pa vuto lina lobisika, pamene njira yafa koma foni ikuganiza kuti ikadali yamoyo. Zimenezi zimachitika kawirikawiri m'basi imene ikudutsa nsanja zosiyanasiyana. Pulogalamu imazindikira imfa ya njirayo pokhapokha kauthenga kake kofunsa ngati seva ilipo kakapanda kuyankhidwa, ndipo pamatenga nthawi kuti ifike potaya mtima. Koma ngati vuto ndi bandulo yotha kapena nsanja yodzaza, `Airplane mode` siisintha kanthu, ngakhale munthu ataiyatsa kakhumi.

Pali mbali ina yochititsa chidwi. Nthawi zina uthenga umafika ndithu pa seva, koma yankho lotsimikizira ndi limene limasochera pobwerera. Foni ya wotumiza imaonetsabe kawotchi pamene mwina wolandira wawerenga kale. Foniyo, posadziwa, imatumizanso uthenga womwewo. Chimene chimaletsa kuti wolandira auone kawiri ndi nambala yobisika ija: uthenga ukabweranso ndi nambala yomwe yadutsa kale, umazindikirika kuti ndi wobwereza. Chitetezo chimenechi chimagwira ntchito pokhapokha pulogalamu ikabwereza yokha. Wogula chimanga uja akatopa n'kulembanso uthenga wake katatu, aliwonse amapatsidwa nambala yatsopano, ndipo netiweki ikabwerera mwini galimoto amalandira mauthenga anayi onena za matumba 20. Kulembanso sikufulumizitsa kanthu, kumangotalikitsa mzere.

Zithunzi, mavidiyo ndi mauthenga a mawu zili ndi ulendo wake wosiyana. Fayilo imakwezedwa kaye ku seva yosungira mafayilo, ndipo ikatha kukwera m'pamene kauthenga kakang'ono kolozera kumene fayiloyo ili kamatumizidwa kwa wolandira. Kusiyana kwa kukula n'kwakukulu. Uthenga wa mawu olembedwa sufika ngakhale kilobaiti imodzi nthawi zambiri, choncho umatha kupulumukira pa kampata ka masekondi awiri. Tiyerekeze kuti netiweki ikukweza makilobaiti 5 pa sekondi, liwiro losadabwitsa pa `E`. Chithunzi cha risiti cha makilobaiti 200 chifunika masekondi 40 osadukiza, pamene vidiyo ya mamegabaiti 10 ifunika masekondi 2,000, omwe ndi mphindi zoposa 33. Netiweki yofooka kawirikawiri sikhazikika nthawi yaitali chonchi. Kukwezako kukalephera, kamkombero kozungulira kaja kamasanduka kamuvi koloza m'mwamba, ndipo pamenepo pulogalamu imadikira kuti mwini foni adine yekha. Pamalo oterewa n'kwanzeru kulemba nambala ya risiti m'mawu, chithunzi n'kudzatumiza pofika pa netiweki yabwino, makamaka chifukwa fayilo yaikulu ikamakwera imatsekereza kanjira kochepa kale kaja.

Foni yeniyeniyo imathanso kugoneka pulogalamu. Kuyambira pa Android 6.0 ya mu 2015, foni yosagwiritsidwa ntchito imalowa mu `Doze`, pamene mapulogalamu amaloledwa kufika pa intaneti mwa apo ndi apo pofuna kusunga batire. Android 7.0 ya mu 2016 inabweretsa `Data Saver`, yomwe imaletsa mapulogalamu kudya deta akakhala kuseri. Anthu ambiri amaiyatsa kuti bandulo ikhalitse, ndipo zotsatira zake n'zakuti uthenga umene unasiyidwa ndi kawotchi, foni n'kuikidwa m'thumba, umatha kudikira mpaka pulogalamu itatsegulidwanso. Chizindikiro cha vuto limeneli n'chosavuta kuchiona: mauthenga amatuluka onse nthawi imodzi munthu akangotsegula WhatsApp, ngakhale sanasunthe pamalo. Kufufuta pulogalamu n'kuiikanso ndi mankhwala oopsa, chifukwa mauthenga a pamzere amakhala m'foni mokha ndipo akhoza kutayika nayo limodzi.

Tiki imodzi ikangooneka, ntchito ya foni ya wotumiza yatha, ndipo kukwera pachulu sikungabweretse tiki yachiwiri. Kuchedwa kotsalako kuli kwa wolandira, amene mwina foni yake yazima kapena alibe deta. WhatsApp imasunga uthenga wotere uli wobisika kwa masiku osapitirira 30, ikuyesa kuupereka, ndipo masikuwo akatha umafufutidwa pa seva. Nkhani ikakhala yachangu kawotchi kakukanirira, SMS imatha kudutsa pamene deta yalephera, popeza sifuna bandulo ya intaneti ndipo uthenga wake umodzi, wa zilembo zosapitirira 160, umayenda ngakhale pa netiweki ya 2G.